Mmene mungaunikire zilolezo za maapu pa foni ndi kusankha zoyenera kukana

Apu mukangoiika kumene pa foni imakhala yomangika manja. Singaone manambala a anthu amene munasunga, singawerenge mameseji anu, singayatse kamera kapena kumvetsera kudzera pa maikolofoni mpaka itapempha, inu n'kuvomera. Kabokosi kamene kamatulukira pa sikirini kokhala ndi mawu akuti Allow ndi Don't allow ndiko kupempha kwakeko. Pa mafoni a Android dongosolo limeneli linayamba ndi Android 6.0 mu 2015. Kale munthu ankavomereza zilolezo zonse pamodzi poika apu, ndipo ukakana chimodzi ndiye kuti apuyo waisiya. Masiku ano mukhoza kulola china n'kukana china, apuyo n'kumagwirabe ntchito.

Mfundo yoti muigwiritsitse musanayambe ndi yakuti kukana ndi kulola sizifanana kulemera kwake. Mukakana chilolezo chimene apu imafunikiradi, mudziwa pompopompo chifukwa china chake sichigwira, ndiye mumangobwerera n'kulola. Koma mukalola chilolezo chimene simunayenera kulola, palibe chimene chimaoneka. Apuyo ikhoza kukopera manambala onse a m'foni yanu n'kuwatumiza ku makompyuta a eni ake m'masekondi ochepa, ndipo ngakhale mutachotsa chilolezocho mawa, zimene zinapita zija sizibwerera. Madzi akatayika saoleka. Choncho pamene mukukayikira, kanani kaye.

Malangizowa ndi a Android makamaka. Za iPhone ndizitchula kumapeto mwachidule, popeza kaganizidwe kake n'kamodzimodzi.

Yambani ndi kudziwa Android imene muli nayo

Tsegulani Settings, pitani pa About phone, muone pamene palembedwa Android version. Pa mafoni a Samsung pamenepa pali mkati mwa Software information. Nambalayo isungeni m'mutu chifukwa ndiyo ikuuzani zimene foni yanu ingathe. Mwayi wolola apu kuona komwe muli panthawi yokha imene mukuigwiritsa ntchito unabwera ndi Android 10. Kulola kamodzi kokha kunabwera ndi Android 11. Kadontho kobiriwira kosonyeza kuti kamera kapena maikolofoni yayaka kanabwera ndi Android 12. Ngati chinthu china chimene ndatchula pano simukuchipeza, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala nambala imeneyi, osati kuti foni yawonongeka.

Tsegulani mndandanda wa zilolezo zonse

Makampani opanga mafoni amasanja Settings mosiyanasiyana, ndiye musataye nthawi kufufuza chipinda ndi chipinda. Pamwamba pa Settings pali malo ofufuzira. Lembanipo Permission manager n'kudina zimene zatuluka. Muona mndandanda wa mitundu ya zilolezo, monga Camera, Contacts, Location, Microphone, Phone, SMS, Call logs ndi ina. Pansi pa chilichonse pamakhala chiwerengero cha maapu amene analoledwa.

Njira ina ndi yolowera pa apu imodzi. Dinikizani chala pa chizindikiro chake kwa kanthawi, sankhani App info, kenako Permissions. Imeneyi ndi yothandiza pamene mukukonza apu imodzi. Koma pa kafukufuku woyamba gwiritsani ntchito Permission manager, chifukwa mukaona maapu onse amene ali ndi chilolezo cha maikolofoni atandandalikidwa pamodzi, yachilendo imaonekera yokha. Pakati pa maapu oimbira foni ndi otumizira mawu, apu yowerengetsera masamu siibisika.

Pa apu iliyonse dzifunseni kuti, kodi ndi ntchito iti imene ine ndimachita mu apu imeneyi yosowa chilolezochi? Funso si lakuti apuyo ingachigwiritse ntchito pa chiyani, chifukwa eni apu sasowa chifukwa chopereka. Funso ndi la zimene inuyo mumachita. Apu yochezerana ikhoza kukhala ndi gawo lojambulira mavidiyo, koma ngati inu mumangowerenga zimene ena alemba, kamera ndi maikolofoni sizikufunika.

Maapu amene anabwera ndi foni monga Phone, Messages, Camera ndi Google Play services asiyeni pa ulendo woyambawu. Mukamana Phone chilolezo cha manambala, woimba aliyense azioneka ngati mlendo. Yambani ndi amene munaika nokha.

Location

Mukatsegula Location mupeza maapu agawidwa m'magulu malinga ndi zimene munasankha: Allowed all the time, Allowed only while in use, Ask every time ndi Not allowed. Gulu loyambalo ndilo lofunika kuliyang'anitsitsa. Apu imene ili mmenemo imatha kudziwa komwe muli ngakhale foni ili m'thumba usiku wonse. Mbiri ya mayendedwe a masabata angapo imaulula kumene munthu amagona, kumene amagwira ntchito, chipatala chimene amapitako ndi nyumba zimene amakachezako, ngakhale dzina lake lisanatchulidwe paliponse. Maapu oyenera kukhala m'gulu limeneli ndi ochepa kwambiri, mwachitsanzo yothandiza kupeza foni ikatayika, kapena imene munagwirizana ndi abale anu kuti muzidziwana komwe muli. Ena onse atsitsireni ku Allow only while using the app.

Ngati muli ndi Android 12 kapena yatsopano kuposa pamenepo, pansi pa zosankhazi pali kabatani ka Use precise location. Kakayaka, apu imadziwa malo anu mpaka pa mamita ochepa, kutanthauza nyumba yeniyeniyo. Mukakazimitsa imangodziwa dera la pafupifupi masikweya kilomita 3. Apu ya mapu ndi yoitanira galimoto zimafunika malo enieni, apo ayi dalaivala akakudikirani mumsewu wina. Apu ya zanyengo, ya nkhani kapena yogulira zinthu imakwanitsidwa ndi dera chabe. Masewera, tochi, apu yokonzera zithunzi ndi yomvetsera nyimbo, zikanizeni kotheratu.

Nkhani ya malo si yongoopseza ayi. Mu 2013 bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, linapeza kuti apu ya tochi yotchedwa Brightest Flashlight Free inkatumiza malo enieni a anthu pamodzi ndi nambala yozindikiritsa foni zawo kwa makampani otsatsa malonda, popanda kuwauza momveka. Tochiyo inkayaka bwinobwino, ndipo oigwiritsa ntchito analibe choonera kuti chinachake chikuchitika kuseri.

Contacts, SMS ndi Call logs: apa khalani ouma mtima

Zilolezo zitatuzi ndizo ndimafuna kuti munthu aliyense azimvetse, chifukwa kuwononga kwake kumachitika kamodzi n'kutha.

Contacts imapatsa apu mayina onse, manambala, maimelo ndi tizolemba timene munaika pa dzina la munthu. Pa Android mukalola chilolezochi ndiye kuti mwapereka buku lonse, osati munthu mmodzi. Ndipo zinthuzi si zanu nokha. Ndi za amayi anu, abwana anu, dokotala wanu, anthu amene sanafunsidwe ngati akuvomera. Apu yotumizirana mauthenga imene mumaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ili ndi chifukwa chomveka, popeza popanda chilolezochi izikuonetsani manambala m'malo mwa mayina. Masewera amene akuti akufuna kukupezerani anzanu alibe chifukwa chokwanira.

Kumene chilolezochi chapweteketsa anthu kwambiri ndi pa maapu obwereketsa ndalama mwachangu. Apu imakopera manambala anu tsiku limene mwalembetsa. Mukachedwa kubweza, ngakhale ndi masiku ochepa, eni ake amayamba kuimbira ndi kutumizira mameseji achibale ndi anzanu akuntchito kuti akuchititseni manyazi. Vutoli linakula m'mayiko ambiri moti mu 2023 Google inaletsa maapu a ngongole a pa Play Store kupempha manambala a anthu, zithunzi ndi malo enieni. Choncho mukaona apu ya ngongole ikuumirira Contacts, dziwani kuti mwina sinachokere pa Play Store kapena ikuphwanya lamulolo. Imeneyo musaikane chilolezo chokha, isiyeni yonse.

SMS ndi yoopsa mwanjira ina. Banki, akaunti ya imelo ndi maapu ochezerana amatumiza manambala achinsinsi otsimikizira kuti ndinudi kudzera pa meseji. Apu yowerenga mameseji anu imaona manambalawo nthawi imodzimodzi ndi inu, ndipo ikhozanso kutumiza mameseji olipiritsa m'dzina lanu. Maapu ena amati akufuna SMS kuti azikulowetserani okha nambala yotsimikizira. Chifukwa chimenechi n'chofooka. Android ili ndi njira yoti apu ilandire meseji yake yokhayo popanda kuona ena onse, ndipo ngakhale njirayo itapanda kugwira, kulemba nokha manambala 6 si ntchito. Kuyambira 2019 Play Store imalola chilolezo cha SMS ndi Call logs makamaka kwa apu imene mwaisankha kukhala yaikulu yotumizira mameseji kapena yoimbira, kupatula zochitika zochepa zovomerezedwa. Mumndandanda wa SMS muyenera kupezamo apu yanu ya mameseji ndi maapu ochepa a foniyo. Ina iliyonse imene munaika nokha ifunseni mafunso.

Call logs imaonetsa amene munawaimbira, liti, ndiponso kwa mphindi zingati. Kupatula apu yoimbira, yozindikira oimba achinyengo imene munaisankha mwadala, kapena yolumikizira wotchi ndi foni, ikanizeni.

Palinso chilolezo chotchedwa Phone chimene chimasokoneza anthu. Chimalola apu kudziwa nambala yanu, kudziwa ngati muli pa foni, komanso kuimba yokha osadutsa pa sikirini yoimbira. Maapu ena a banki amachifuna potsimikizira simu khadi imene ili m'foni, ndipo amakana kutseguka mukawamana. Ngati apuyo ndi ya banki yanu yeniyeni ndipo munaitenga pa Play Store, loleni. Kwa ena onse yambani ndi kukana.

Kamera, maikolofoni ndi zithunzi

Pa Camera ndi Microphone nkhani ndi yaifupi. Maapu oimbirana pa vidiyo ndi otumizira mawu apatseni Allow only while using the app. Amene mumawafunira kamera mwa apo ndi apo, monga pojambula kodi ya QR kapena chiphaso, apatseni Ask every time, ndipo akapempha muzisankha Only this time. Chilolezo choterocho chimatha chokha mukangochoka mu apuyo kwa kanthawi.

Pa zithunzi, mafoni atsopano ali ndi njira yapakati. Kuyambira Android 14, apu ikapempha zithunzi mukhoza kusankha zochepa zokha m'malo mopereka zonse. Mawu ake pa sikirini amakhala Allow limited access kapena Select photos and videos. Gwiritsani ntchito imeneyi, chifukwa m'zithunzi za munthu mumakhala zambiri kuposa nkhope: ziphaso, makalata a kuchipatala, malisiti, ngakhale mapasiwedi amene munajambula kuti musaiwale.

Chitsanzo: apu yojambulira mapepala

Tiyerekeze kuti mwaika apu yojambulira mapepala n'kuwasandutsa PDF. Mukufuna kujambula kalata ya masamba awiri ndi kuitumiza pa imelo.

Mutangoitsegula, musanachite chilichonse, ikupempha kuti izikutumizirani zidziwitso. Dinani Don't allow. Apu yojambulira mapepala ilibe uthenga wachangu woti ikudzutsireni, ndipo zidziwitso zake zambiri zidzakhala malonda. Kenako ikupempha Location, ati kuti ikutumikireni bwino. Pepala limajambulika mofanana kulikonse kumene muli, ndiye apanso Don't allow. Taonani nthawi imene zopemphazi zabwera. Zabwera inu musanadine batani lililonse. Apu yopangidwa mwaulemu imapempha chilolezo panthawi imene mwayamba ntchito yochifuna, ndipo imene imapempha zambiri pakhomo pomwe imakhala ikusonkhanitsa zimene ingathe.

Tsopano mwadina batani lojambulira ndipo ikupempha Camera. Pempho ili likugwirizana ndi zimene mwangochita kumene. Sankhani While using the app ngati muziigwiritsa ntchito kawirikawiri, kapena Only this time ngati ndi lero lokha. Mwajambula masamba awiri aja, mwadina Save. Apa ikukutengerani ku sikirini ina ya Settings yolembedwa All files access, yokhala ndi kabatani koti muyatse. Imani kaye. Chilolezo chimenechi chimatsegula mafailo onse amene munasunga m'foni, osati a apuyo okha. Pa Android zatsopano apu imatha kusunga failo yake mu Documents kapena Download popanda chilolezo chotere. Dinani batani lobwerera osayatsa kanthu, muone ngati PDF yasungika. Nthawi zambiri imakhala yasungika.

Chatsala ndi kutumiza. Mwadina Share, apu ikupempha Contacts kuti ikuthandizeni kusankha wolandira. Kanani. Mndandanda wa maapu otumizira utuluka ndithu, musankhe apu ya imelo, ndipo imeneyo ndiyo ikudziwa kale anthu anu. Kalata yapita. Pa zilolezo zisanu zimene inapempha mwapereka chimodzi, ndipo ntchito yonse yatheka.

Nanga ikanakana kupitirira mpaka mutalola Location kapena Contacts? Mukanaichotsa n'kuika ina. Maapu ojambulira mapepala alipo ambirimbiri, ndipo apu ya Google Drive ili kale ndi gawo lojambulira mapepala. Kuumirira chilolezo chosagwirizana ndi ntchito ndi umboni wokwanira wa zimene eni apu akufunadi.

Zilolezo zobisika, zimene sizituluka m'kabokosi

Ambiri amathera pa Permission manager n'kuganiza kuti amaliza, chonsecho zilolezo zamphamvu kwambiri sizili mmenemo. Zili pa malo ena otchedwa Special app access, mkati mwa Settings kenako Apps. Pa Samsung mumadina timadontho titatu pamwamba pa Apps n'kusankha Special access. Zilolezozi sizipemphedwa ndi kabokosi ka Allow. Apu imakutumizani ku Settings kuti mukayatse nokha, ndipo kawirikawiri imayamba yakuonetsani chithunzi cholozera pamene mukadine.

Choyamba kuchiona ndi Display over other apps, chimene pa Samsung chimatchedwa Appear on top. Chimalola apu kujambula zinthu pamwamba pa apu ina. Maapu ena ochezerana amachigwiritsa ntchito poonetsa kankhope ka amene wakulemberani. Apu yachinyengo imachigwiritsa ntchito kuika sikirini yabodza pamwamba pa apu ya banki. Inu mumaona ngati mukulemba pasiwedi m'banki, pamene mukulembera mbava. Zimitsani pa apu iliyonse imene simukudziwa chifukwa chake ili nacho.

Chachiwiri ndi chowerengera zidziwitso, chimene dzina lake limasiyana: Notification access, Device & app notifications kapena Notification read, reply & control. Musachisokoneze ndi chija cholola apu kukutumizirani zidziwitso zake. Ichi chimalola apu kuwerenga zidziwitso za maapu ena onse, kuphatikizapo mauthenga amene anzanu akukutumizirani, ndipo pa mafoni ambiri ngakhale manambala otsimikizira aja. Ndiye kuti apu imene munaimana SMS ikhoza kupeza zomwezo kudzera pakhomo ili. Zoyenera kukhala nacho ndi monga apu ya wotchi yolumikizidwa ndi foni, Android Auto, ndi apu ya sikirini yaikulu ya foniyo.

Chachitatu ndi Install unknown apps, cholola apu kuika maapu ena osadzera pa Play Store. Ngati munachiyatsapo pa Chrome kapena pa apu ya mauthenga kuti muike apu kuchokera pa failo yoikira apu yotchedwa APK, chimakhalabe choyaka mpaka mutachizimitsa. Zimitsani pa onse. Muonenso Device admin apps, chifukwa apu imene ili ndi udindo umenewu imatha kutseka sikirini, mwinanso kufufuta zonse za m'foni, ndipo sichotsedwa mpaka udindowo utachotsedwa kaye. Mmenemo mungapezemo Find My Device, imene pa mafoni ena tsopano imatchedwa Find Hub, kapena apu ya kuntchito ngati foni ndi ya kampani. Dzina lachilendo lisakhalemo.

Champhamvu kuposa zonsezi chili pachokha, mu Settings kenako Accessibility, pansi pa Downloaded apps kapena Installed apps. Chinapangidwa kuti chithandize anthu osaona ndi ena amene amavutika kugwira sikirini, ndipo kwa iwo ndi chofunika zedi. Kuti chigwire ntchito imeneyo, chimalola apu kuwerenga zonse zimene zili pa sikirini ndi kudina mabatani m'malo mwanu. Apu yoipa ikachipeza imatha kuwerenga zimene mukulemba, kudzipatsa yokha zilolezo zina podina Allow inu musanaone, ndi kukutulutsani m'Settings nthawi iliyonse imene mukufuna kuichotsa. Maapu ambiri obera anthu ndalama m'banki amadalira chilolezo chimenechi. Lamulo langa pa ichi ndi losapindika: apu yoonera mpira, yoyeretsera foni, ya ngongole, yolondolera katundu kapena imene mwatumiziridwa pa linki ikapempha Accessibility, ichotseni nthawi yomweyo.

Kuyambira Android 13, apu yoikidwa kuchokera pa failo ya APK ikafuna chilolezochi foni imaonetsa uthenga wakuti Restricted setting. Achinyengo amadziwa zimenezi, ndiye amaphatikiza malangizo okuuzani kuti mupite pa App info mukadine Allow restricted settings. Ngati munthu kapena apu ikukutsogolerani kudina pamenepo, ndiye kuti ikukupemphani kuchotsa chitetezo chimene foni inaika dala.

Mukakana n'kuona kuti china chasiya kugwira

Izi zimachitika ndipo si zoopsa. Zizindikiro zake n'zosavuta kuziwerenga. Anzanu sakukumvani pa foni ya pa intaneti, ndiye kuti ndi Microphone. Sikirini ikuda pamene mukufuna kujambula, ndi Camera. Mapu akukuikani kutali ndi pamene muli, ndi Use precise location. Mahedifoni kapena wotchi ya Bluetooth yasiya kulumikizika ndi apu yake, ndi Nearby devices. Mauthenga akufika mwakachetechete osakudziwitsani, ndi Notifications. Pitani pa App info, Permissions, mubwezere chimodzi chokhacho. Pochotsa chilolezo apu ili yotsegula, foni imaitseka n'kuiyambitsanso, choncho musachite zimenezi muli pakati polemba chinthu chimene simunasunge.

Pali kanthu kamodzi kamene kamazunguza anthu. Kuyambira Android 11, mukakana chilolezo chimodzimodzi kawiri, foni imasiya kuonetsa kabokosi kopempha kaja. Mukadzafuna kamera mu apuyo patapita miyezi, batani limangokhala ngati lafa, osapempha kanthu. Apuyo sinawonongeke ndipo sipafunika kuiikanso. Chilolezocho mukachiyatse nokha mu App info.

Ngati apu yokayikitsa ikukana kuchotsedwa, yambani ndi kuichotsera udindo mu Device admin apps ndi kuizimitsa mu Accessibility. Ikamakutsekerani Settings, yatsani foni mu Safe mode, mmene maapu onse amene munaika nokha sagwira ntchito. Pa mafoni ambiri mumatsegula sikirini yozimitsira foni, n'kudinikiza chala pa Power off mpaka mawu akuti Safe mode atatuluka. Ichotsereni mmenemo, yatsaninso foni mwachizolowezi, kenako musinthe mapasiwedi a imelo ndi a banki, chifukwa simungadziwe zimene inaona kale.

Kutsimikizira kuti zimene mwalola zikugwiritsidwa ntchito moyenera

Pa Android 12 kupita m'tsogolo, fufuzani Privacy dashboard mu Settings. Imaonetsa maapu amene anagwiritsa ntchito malo, kamera ndi maikolofoni m'maola 24 apitawo, ndi nthawi yake yeniyeni. Pa Samsung zimenezi zimaoneka pansi pa Security and privacy. Yerekezani ndi zimene mukukumbukira. Mapu kuona malo anu madzulo pamene munali paulendo n'zomveka. Apu yogulira zinthu kuona malo anu 3 koloko usiku muli m'tulo ndiye kuti ili ndi Allow all the time imene simunafune kuipatsa. Kadontho kobiriwira kakayaka pakona ya sikirini inu musakujambula kapena kulankhula, kokerani sikirini pansi n'kudina kadonthoko, foni ikuuzani dzina la apu imene yayatsa kamera kapena maikolofoni.

Mu App info mulinso kabatani kotchedwa Pause app activity if unused, kapena Remove permissions if app is unused pa mafoni ena. Kasiyeni koyaka. Apu ikakhala miyezi ingapo osatsegulidwa, foni imailanda yokha zilolezo zake.

Zilolezo zili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Kulowa pa intaneti sikupemphedwa. Apu iliyonse imene yalemba kuti ikufuna intaneti imapatsidwa mwakachetechete poikidwa. Choncho zonse zimene mumalemba kapena kudina mkati mwa apu, mtundu wa foni yanu, ndi adiresi ya intaneti imene imasonyeza mzinda kapena dera lanu mongoyerekezera, zikhoza kufika kwa eni ake ngakhale mutakana chilichonse. Apu imene simuikhulupirira n'komwe, mankhwala ake ndi kuichotsa. Ndipo ngati munalembetsa akaunti, kuchotsa apu sikufufuta zimene zili kwa eni ake. Lowani kaye mu apuyo, mufufuze Delete account, kenako muichotse.

Pa iPhone

Mndandanda uli mu Settings kenako Privacy & Security, wosanjidwa ndi mtundu wa chilolezo monga Location Services, Contacts, Photos, Microphone ndi Camera. Pa malo, While Using the App ndi Precise Location zimagwira ntchito monga tafotokozera, ndipo Always ndiyo yoyenera kuichepetsa. Pa zithunzi sankhani Limited Access. Kuyambira iOS 18 mukhoza kupatsa apu anthu ochepa okha a mu Contacts m'malo mwa buku lonse. Kadontho ka mtundu wa lalanje kamasonyeza maikolofoni, kobiriwira kamasonyeza kamera. Maapu a pa iPhone saloledwa kuwerenga mameseji anu momasuka ngati mmene chilolezo cha SMS chimachitira pa Android, choncho nkhawa imeneyo ndi yochepa. Apu ikapempha kukulondolani m'maapu a makampani ena, dinani Ask App Not to Track, ndipo igwirabe ntchito. Mukafuna kuti asamapemphe n'komwe, pitani pa Tracking muzimitse Allow Apps to Request to Track. Pansi pa tsamba la Privacy & Security pali App Privacy Report, imene muyenera kuiyatsa nokha kaye. Ikayaka imasunga mbiri ya masiku 7 ya maapu amene anagwiritsa ntchito malo, kamera, maikolofoni, zithunzi ndi manambala a anthu anu.